Kukana unkhoswe wa ubatizo wa mwana popanda kuswa ubale

Wachibale kapena mnzanu akakupemphani kuti mumuimirire mwana pa ubatizo wakupatsani ulemu waukulu, ndipo chimene chimavutitsa kukana n'chimenecho. Ambiri timavomera pakamwa chifukwa cha manyazi, kenako tsiku likamayandikira timayamba kuzemba mafoni. Akuluakulu amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, koma pa nkhani iyi kuviika kumapweteka anthu. Ubatizo uli ndi tsiku lake, dzina la nkhoswe limafunika ku parishi tsikulo lisanafike, ndipo makolo amene mwawasiya m'malere amadzathamangathamanga sabata yomaliza kufunafuna munthu aliyense amene angapezeke.

Malangizo awa atsamira kwambiri pa Mpingo wa Katolika, chifukwa kumeneko ndi kumene unkhoswe wa ubatizo uli ndi malamulo olembedwa, ndipo mapempho ambiri otere amachokera kumeneko. A Anglikani nawonso ali ndi ankhoswe a ubatizo. Ku CCAP amene amalonjeza pamaso pa mpingo ndi makolo a mwanayo, choncho wa CCAP akapemphedwa ndi mbale wake wa Katolika nthawi zina sadziwa n'komwe kukula kwa chimene akupemphedwa.

Choyamba: thokozani, pemphani masiku ochepa, ndipo tchulani tsiku loyankha

Pempho likabwera musanene inde, musanenenso ayi nthawi yomweyo. Inde wa pa foni, wonenedwa muli pa ntchito kapena m'minibasi, amavuta kubweza. Ayi wa nthawi yomweyo amamveka ngati mwanyoza mwana. Nenani kuti mwathokoza, kuti nkhaniyi ndi yaikulu, ndipo muyankha pofika tsiku lakuti. Masiku atatu kapena anayi ndi okwanira, sabata isapitirire.

Musanadule foni funsani zinthu zitatu: ubatizo uli liti, uli ku parishi iti, ndipo maina a ankhoswe akufunika pofika liti. Funso lachitatuli ndi limene anthu amaiwala. M'maparishi ambiri ana amabatizidwa pagulu pa masiku oikika, makolo amayamba alembetsa kudzera ku mphakati kapena limana lawo, ndipo pamakhala maphunziro a makolo ndi ankhoswe ubatizo usanachitike. Tsiku limene likukupanikizani ndi lolembetsa, ndipo likhoza kukhala masabata angapo ubatizo usanafike.

Chachiwiri: dziwani chimene mukupemphedwa

Pakati pathu unkhoswe wa ubatizo umasakanikirana ndi zinthu zina: kugula diresi yoyera, kuthandiza pa chakudya cha alendo, kudzakumbukira mwana pa fizi. Zimenezi ndi mwambo wa m'mabanja, mpingo sufuna chilichonse cha izo. Chimene mpingo umafuna chili m'buku la malamulo a Mpingo wa Katolika la 1983, pa malamulo 872 mpaka 874. Ntchito ya nkhoswe ndi kupereka mwana ku ubatizo pamodzi ndi makolo, ndi kuthandiza kuti mwanayo adzakule m'moyo wachikhristu wogwirizana ndi ubatizo wake. Kuti munthu aloledwe ayenera kukhala Mkatolika wa zaka zosachepera 16, wolandira kale Ulimbitso ndi Ukaristia, wokhala moyo wogwirizana ndi chikhulupiriro cha mpingo, wopanda chilango cha mpingo, ndipo asakhale bambo kapena mayi wa mwanayo. Nkhoswe ikhoza kukhala imodzi, mwamuna kapena mkazi, kapena awiri, mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi.

Pa mwambo weniweniwo simungoima chete mutanyamula kandulo. Wansembe amafunsa ankhoswe ngati ali okonzeka kuthandiza makolo pa udindo wawo wolera mwana m'chikhristu, ndipo mumayankha ndi pakamwa panu. Kawirikawiri mumalembanso chizindikiro cha mtanda pamphumi pa mwana. Kenako pamodzi ndi makolo mumakana Satana ndi kuvomereza chikhulupiriro, ndime ndi ndime, kuphatikizapo ya Mpingo woyera wa Katolika. Pomaliza dzina lanu limalembedwa m'kaundula wa ubatizo wa parishi, ndipo limakhala momwemo moyo wonse wa mwanayo. Mukadzayambana ndi makolo ake, kapena mukadzasowa zaka makumi awiri, dzinalo safufuta n'kulembapo la wina, chifukwa kaundula amalemba zimene zinachitika tsikulo.

Pali china chimene anthu amaopa pachabe, ndipo china amayembekezera pachabe. Unkhoswe wa ubatizo sukupatsani udindo wa lamulo la boma wolera mwana makolo akamwalira. Zimenezo zimayendera banja ndi malamulo a dziko. Ngati chimene makolo akufuna pansi pa mtima ndi munthu wodzayang'anira mwana iwo atapita, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo mukhoza kuivomera ngakhale mutakana unkhoswewo.

Ku Anglikani mwambo wakale wa m'buku lawo la mapemphero la 1662 umafuna ankhoswe atatu: mwana wamwamuna amuna awiri ndi mkazi mmodzi, mwana wamkazi akazi awiri ndi mwamuna mmodzi. Kumenekonso ankhoswe amalonjeza ndi pakamwa, ndipo ayenera kukhala obatizidwa.

Chachitatu: dzifunseni funso limodzi kuti mupeze chifukwa chenicheni

Apa ndi pamene pamagona nkhani yonse. Dzifunseni kuti, ubatizowu ukanakhala Loweruka likubwerali pa tchalitchi choyandikana ndi nyumba yanu, popanda ulendo kapena ndalama iliyonse, mukanaima kutsogolo n'kuyankha mafunso aja ndi mtima umodzi? Ngati yankho lili inde, vuto lanu ndi mtunda. Ngati mwazengereza, vuto ndi chikhulupiriro, ndipo mtundawo mukungobisalamo.

Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika chifukwa vuto la mtunda makolo akhoza kulithetsa. Mukanena kuti muli kutali, akhoza kusuntha tsiku kuti ligwere pa Disembala mukabwera, akhoza kusonkha ndalama ya basi, kapena akhoza kupempha kuti wina aime m'malo mwanu. Akachita zimenezi inu mumatsala opanda pothawira, ndipo muyenera kukana kachiwiri, nthawi ino anthu ataononga kale ndalama ndi nthawi chifukwa cha mawu anu. Kukana kwachiwiriko ndi kumene kumaswa ubale, chifukwa aliyense amaona kuti chifukwa choyamba chija chinali chonamizira.

Chachinayi: ngati vuto ndi mtunda

Tinene kuti muli ku Joni, ku Cape Town kapena ku Mangalande, ndinu Mkatolika wopemphera, ndipo mwana abatizidwa ku mudzi. Musanakane dziwani kuti pali njira yakale yakuti munthu wina aime m'malo mwa nkhoswe pa tsikulo. Malamulo akale a 1917 ankaitchula njirayi poyera. A 1983 saitchula, koma m'malo ambiri ikuchitikabe, ndipo amene amagamula ndi bambo mfumu wa parishi motsatira malangizo a dayosizi yake. Zikaloledwa, nkhoswe mumakhala inu, dzina lanu ndi limene limalembedwa, ndipo woimayo amangoyankha m'malo mwanu. Kawirikawiri amafuna kalata yochokera ku parishi imene mumapemphera kunjako yotsimikiza kuti ndinu woyenera, ndi mawu anu olembedwa ovomera udindowo. Funso limeneli afunse makolo kwa akatekisi kapena kwa bambo mfumu, musaganizire nokha kuti aloleza.

Komabe kuloledwa kwa njirayi sikutanthauza kuti muvomere. Tsiku la ubatizo ndi limodzi, udindo ndi wa zaka zambiri. Ganizirani zaka khumi ndi zisanu zikubwerazi. Mwanayo akadzayamba maphunziro a Ukaristia woyamba, mudzadziwa? Akadzasiya kupita kutchalitchi ali ku sekondale, mudzakhala munthu woti n'kukhala naye pansi? Munthu amene amabwera kumudzi chaka chilichonse, amaimba foni kawirikawiri ndipo ana a pabanjapo amamudziwa nkhope, akhoza kusenza udindowu ali kutali. Amene mapepala ake sanalongosoke, moti akatuluka pa Beitbridge sadziwa ngati adzabwereranso, ndipo wakhala zaka zambiri osaponda kwawo, achita bwino kukana. Kuona kwanga, nkhoswe yapafupi yopanda ndalama, imene imakhala benchi limodzi ndi mwana Lamulungu lililonse, imaposa ya kunja imene mwana amangoidziwa pa chithunzi cha pa foni. Makolo ena amasankha wa kunja poyembekezera thandizo, ndipo palibe choipa kufuna thandizo pa mwana, koma thandizolo mukhoza kupereka popanda dzina m'kaundula.

Pokana chifukwa cha mtunda, tsekani nokha makomo onse atatu aja kuti makolo asavutike kuwatsegula. Mawu ake akhoza kukhala otere: "Alamu, ndaganizira bwino. Ngakhale mutasuntha tsiku, ngakhale mutasonkha ndalama ya basi, ngakhale wina ataima m'malo mwanga, vuto likhalapobe. Mwanayu akufunika munthu woti azimuona akukula, wopita naye kutchalitchi, ndipo ine sindikudziwa kuti ndidzakhazikika liti kumudzi. Musankhe wina wapafupi." Mukangoti "sindikwanitsa kubwera", mwawapatsa ntchito yofuna njira yoti mubwere.

Musalole kuti ubatizo uchedwe chifukwa cha inu. Lamulo 867 limauza makolo kuti abatize mwana m'masabata oyambirira atabadwa, ndipo mawu akuti "dikirani ndibwera Disembala" akhoza kusanduka Disembala wa chaka china. Mwana akadwala pakati pa nthawi yodikirayo, mlandu umene mudzadziimbe mumtima ndi wolemera kuposa manyazi a kukana lero.

Chachisanu: ngati vuto ndi chikhulupiriro

Apa pali magulu angapo, ndipo mayankho ake ndi osiyana.

Ngati ndinu wa mpingo wina wobatiza m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, monga CCAP, Anglikani kapena Lutherani, lamulo lakuthandizani kale: simungakhale nkhoswe pa ubatizo wa Katolika. Chimene lamulo 874 limalola ndi chakuti muime ngati mboni yachikhristu, pamodzi ndi nkhoswe ya Chikatolika. Makolo ambiri sadziwa kusiyana kumeneku, amangodzamva kwa akatekisi atakulonjezani kale. Ngati mpingo wanu umabatiza makanda ndipo mtima wanu ulibe chokayika, umboniwu ndi njira yabwino: mulipo, mwaima pafupi ndi mwana, koma udindo womulera m'Chikatolika uli ndi mwini wake.

Ngati ndinu wa Seventh-day Adventist, Baptist, Assemblies of God kapena mipingo yambiri ya Chipentekoste, nkhani ndi ina. Mipingo imeneyi imaphunzitsa kuti wobatizidwa akhale munthu wozindikira, wolapa ndi kuvomereza yekha, ndipo makanda amangowapempherera ndi kuwapereka kwa Ambuye. Ngakhale parishi itakulolani kukhala mboni, mukhala mukuimira chinthu chimene mumakhulupirira kuti sichiyenera kuchitika. Ena amatha kukhala nawo pa mwambowo ngati alendo, atakhala pa benchi. Ena ngakhale zimenezo zimawavuta. Gamulani nokha malire anu musanalankhule ndi makolo, kuti musakagamulire pa foni akukupanikizani. A Mboni za Yehova salowa m'miyambo ya mipingo ina, ndipo Akatolika nawo savomereza ubatizo wawo, choncho pamenepo ngakhale umboni palibe. Msilamu, kapena munthu wosabatizidwa, sangakhale nkhoswe kapena mboni yachikhristu, ngakhale atakhala bwenzi la pamtima la banjalo.

Gulu lovuta kwambiri ndi la amene anabadwira m'Chikatolika, analandira Ulimbitso, koma anatuluka n'kulowa mpingo wina kapena anangosiya kupemphera. Pa pepala amaoneka oyenera, kadi ya ubatizo ali nayo, ndipo achibale amawawerengerabe ngati a m'nyumba. Koma lamulo limafuna munthu amene akukhala m'chikhulupirirocho lero. Ndipo njira ya umboni ija ansembe ambiri saipereka kwa munthu wotere, chifukwa mpingo umamuonabe ngati Mkatolika amene anachoka, ndipo umboniwo anaikira a mipingo ina. Chimodzimodzi Mkatolika amene ukwati wake sunadalitsidwe kutchalitchi: maparishi ambiri samulola unkhoswe, ndipo ndi bwino kunena yekha msanga kusiyana ndi kukabwezedwa pa ofesi ya parishi anthu akuona.

Chitsanzo chimodzi, mwatsatanetsatane

Tiyerekeze mayi wina wa ku Dedza amene akugwira ntchito ya m'nyumba ku Joni. Anakulira m'Chikatolika, koma kunjako analowa mpingo wa Chipentekoste ndipo anabatizidwanso m'madzi ambiri. Kumudzi amangodziwa kuti "amapemphera", zambiri sanafotokoze poopa kukhumudwitsa amayi ake, amene ndi a bungwe la amayi a Chikatolika. Achimwene ake abereka mwana wamkazi, ndipo amuimbira kuti akhale mayi wa ubatizo.

Njira yosavuta imene imabwera m'mutu ndi yakuti abwana sangamupatse tchuthi, ndipo ulendo wa basi wodzera ku Zimbabwe ndi ku Tete umadya pafupifupi masiku awiri kupita kokha. Zonsezi ndi zoona. Akanena zimenezi, achimwene apita kwa akatekisi, ndipo abwerako ndi nkhani yabwino: bambo mfumu alola kuti mng'ono wa mayiyu aime m'malo mwake, chofunika ndi kalata chabe ya ku parishi ya ku Joni. Tsopano mayiyu ali pakati pa zinthu ziwiri zoipa. Akhoza kupita ku parishi imene sanapondeko n'kukapempha kalata yabodza, kapena kuulula zoona mochedwa, dzina lake litalembedwa kale ku mphakati ndipo amayi ake atauza kale anzawo onse.

Njira yabwino ndi iyi. Tsiku la pempho athokoze, afunse za masiku, alonjeze kuyankha Lachisanu. Lachisanulo aimbe foni, asalembe uthenga, pa nthawi imene akudziwa kuti achimwene ali pakhomo osati pa msika. Apemphe kuti alamu akhalepo, chifukwa nthawi zambiri dzina la mayi wa ubatizo limachokera kwa make mwana, ndipo akamva kudzera mwa mwamuna wake mawu amafika atasintha. Kenako anene motere:

"Achimwene, alamu, ulemu mwandipatsawu sindikuuona mopepuka. Koma sindingathe kumuimirira mwanayu, ndipo ndikufuna mumve chifukwa chake kwa ine mwini. Kuno ndinalowa mpingo wina, ku Katolika sindikupitanso. Mayi wa ubatizo amalonjeza pamaso pa Mulungu kuti athandiza kulera mwana m'Chikatolika. Ine lonjezo limenelo sindingalisunge, ndipo sindikufuna kunama pa guwa pa mutu wa mwana wanu. Musankhe munthu wolimbikira wa mumphakati mwanumo. Ine ndine azakhali ake, zimenezo sizisintha."

Mawuwa ali ndi zinthu zinayi zokha: kuthokoza, ayi womveka, chifukwa chimodzi, ndi chimene chikutsala. Ayi wabwera koyambirira, chifukwa mukayamba ndi kufotokoza kwautali womvera amayembekezera inde kumapeto. Mawu ngati "mwina", "tiona", "panopa zavuta" mulibemo, popeza kwa munthu amene akufunitsitsa amamveka ngati kuvomera.

Chimene mayiyu sayenera kuchita ndi kuyamba kulalikira. Akangoti ubatizo wa makanda mulibe m'Baibulo, achimwene ayankha za ndende ya ku Filipi kumene woyang'anira anabatizidwa ndi a pabanja pake onse, iye abweza ndi vesi lina, ndipo foni ithera pa mkangano umene mipingo yakhala ikulimbana nawo zaka mazana ambiri. Chifukwa chake chikhale cha iye mwini, chakuti sangasunge lonjezo. Chikakhala chakuti makolowo akulakwa kubatiza mwana, ndiye kuti wawaweruza pa tsiku la chimwemwe chawo. Achimwene akafuna kutsutsana, yankho ndi lakuti, "Zimenezo tidzakambirana ndikadzabwera, lero ndimafuna mudziwe msanga kuti mupeze wina."

Amayi ake awaimbire yekha tsiku lomwelo, asadikire kuti akamve kwa achimwene. Kwa iwo nkhani yowawa si ya unkhoswe, ndi yakuti mwana wawo anatuluka mumpingo, ndipo akaimva kuchokera kwa wina idzawawa kawiri. Alire, akalipe, iye amvetsere. Akanena kuti "ungoima basi, ndani adziwe", awakumbutse mwaulemu kuti iwo omwe ndi amene anamuphunzitsa kusanama m'tchalitchi.

Chachisanu ndi chimodzi: perekani chimene mungakwanitse, osaposa apo

Munthu akakana amagwidwa ndi manyazi, ndipo manyaziwo amamulonjezetsa zinthu zazikulu: fizi yonse mpaka ku yunivesite, mbuzi ya phwando, ulendo wa Disembala. Lonjezo lotere likalephereka limabala chidani chachikulu kuposa kukana kuja. Sankhani chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene mukutsimikiza. Mukhoza kutumiza ndalama ya chovala choyera kapena ya chakudya isanafike sabata ya ubatizo, kuimba foni madzulo a tsikulo, kapena kukhala nawo pa chakudya ngati muli pafupi ngakhale kutchalitchi musanalowe. Ngati chikhulupiriro chanu sichikulolani kugula zinthu za mwambowo monga kandulo kapena kolona, gulani bulangeti, beseni kapena zovala za mwana, palibe adzafunse chifukwa.

Mphatsoyo isaperekedwe m'mpweya womwewo ndi kukana, ngati kuti mukulipira chindapusa. Kanani lero, za mphatso mukambe patapita masiku.

Mukhoza kuthandiza kuganizira munthu wina, koma pokhapokha makolo atafunsa, ndipo musapite kukamupempha inu. Kusankha nkhoswe ndi kwa makolo. Ngati akudandaula kuti awiri sapezeka, akumbutseni kuti mmodzi ndi wokwanira. Wosankhidwa inu mutakanayo asamve kuti anali wachiwiri pa mndandanda, choncho nkhani yakuti munapemphedwa n'kukana isatuluke pakamwa panu, kaya pa gulu la banja la pa foni kaya pa maliro.

Ngati munavomera kale

Bwezani mawu lero lomwe, musadikire kuti mupeze mawu okoma. Tsiku lililonse limene mukuchedwa likuchotsedwa pa masiku amene makolo ali nawo opezera wina ndi kumulowetsa m'maphunziro. Vomerani kuti munayankha musanaganize, pepesani kamodzi, nenani chifukwa chenicheni. Funsani ngati dzina lanu lapita kale ku parishi. Ngati lapita, makolo akauze akatekisi kuti asinthe, ndipo ubatizo usanachitike zimenezi sizivuta. Ngati pali zimene anagula kale poganizira inu, monga nsalu yofanana ya ankhoswe, bwezani ndalamayo osadikira kuti akufunseni.

Choipitsitsa ndi kusapezeka pa tsikulo mutavomera. Ubatizo wokha uchitikabe, chifukwa lamulo limati nkhoswe ikhalepo ngati n'kotheka, ndipo kusowa kwake sikuononga sakramenti. Koma zimene zimachitika ndi zakuti makolo amakoka aliyense woyenera amene ali pafupi pa khomo la tchalitchi, ndipo mwana amakula ndi nkhoswe imene sinasankhidwe, mwina yosamudziwa n'komwe dzina.

Akakwiya

Ena amamvetsa nthawi yomweyo, makamaka amene ndi olimbikira kutchalitchi, chifukwa amadziwa kulemera kwa lonjezolo. Ena amazizira kwa miyezi. Mudzadziwa kuti zapweteka mukaona kuti zithunzi za ubatizo sanakutumizireni, kapena moni akuyankha ndi liwu limodzi. Musabwereze nkhani ya unkhoswe pofuna kudzilungamitsa, ndipo musasinthe chifukwa chimene munapereka. Pitirizani kufunsa za mwana ndi dzina lake: sikelo yayenda bwanji, katemera walandira, mano ayamba. Wina akakuponyerani mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, vomerani kuti ndi zoona, ndipo ndi chifukwa chake simunafune kumupatsa nkhoswe ya dzina lokha.

Ngati mkwiyo wakula mpaka kukhudza akuluakulu, pemphani amalume kapena azakhali amene mbali zonse zimawamvera kuti akhale pakati, ndipo muwafotokozere chifukwa chomwe chija, mawu omwe aja. Pamene vuto linali lamulo la mpingo, monga kuti ndinu wa mpingo wina kapena ukwati wanu sunadalitsidwe, pemphani makolo akafunse okha kwa akatekisi kapena kwa bambo mfumu. Akamva kuchokera kumeneko kuti ngakhale mukanavomera parishi sikanakulolani, mlandu umachoka pa inu.